Mmene mungawerengere mzere wa mankhwala umene adokotala alemba m'buku lanu la kuchipatala

Odwala ambiri amatuluka m'chipinda cha adokotala atagwira buku lawo la kuchipatala, n'kukalipereka pawindo la mankhwala osayang'ana n'komwe zimene zalembedwamo, chifukwa amaona ngati zolembazo ndi nkhani ya adokotala ndi afamase okha. Vuto limabwera madzulo kunyumba, pamene zimene ananena opereka mankhwala zaiwalika, inki ya pakathumba yafufutika m'thumba la malaya, ndipo chimene chatsala ndi mzere wa zilembo zachidule m'bukumo. Mzere umenewu siwovuta monga uonekera. Pafupifupi nthawi zonse umalembedwa m'ndondomeko imodzi, ndipo ukhoza kutsimikizidwa ndi masamu a kupulaimale, pongowerenga mibulu imene mwapatsidwa.

Choyamba, pezani pamene mankhwala ayambira. Tsamba la tsiku limene mwapita kuchipatala limakhala ndi zambiri: madandaulo anu, zimene adokotala apeza pokuyezani, dzina la matenda, kenako mankhwala. Madandaulo kawirikawiri amayamba ndi chizindikiro `c/o`, dzina la matenda limatsatira `Dx` kapena `Imp`, ndipo mankhwala amayamba pamene palembedwa `Rx`. Kusiyanitsa zigawozi n'kofunika chifukwa manambala ofanana amapezeka pamwamba ndi pansi pomwe, koma akutanthauza zosiyana. Ngati pamwamba pa tsamba palembedwa `3/7` pafupi ndi dandaulo la chifuwa, ndiye kuti mwakhala mukutsokomola masiku atatu. `3/7` yemweyo akakhala pansi pa `Rx`, akunena masiku amene mudzamwe mankhwala.

Tiyeni titenge chitsanzo cha munthu wamkulu amene adokotala amulembera mizere iwiri iyi:

```
Rx
Amoxicillin 500 mg po tds 5/7
PCM 1 g po tds prn 3/7
```

Mzere uliwonse uwerengeni kuchokera kumanzere, ndipo muyembekezere kupeza zinthu zisanu motsatizana: dzina la mankhwala, mlingo wa ulendo umodzi, njira yolowera m'thupi, kangati pa tsiku, ndi masiku angati. Mumzere woyamba dzina ndi amokisilini, mlingo ndi mamiligalamu 500, `po` akutanthauza kumwa, `tds` ndi katatu pa tsiku, ndipo `5/7` ndi masiku asanu. Nthawi zina adokotala amasiya `po` pamene n'zodziwikiratu kuti mankhwalawo ndi akumwa, koma zina zinayizo ziyenera kupezeka, ndipo china chikasowa funsani musanatuluke pachipata.

Dzina la mankhwala nalonso limalembedwa mwachidule nthawi zambiri. `PCM` ndi parasetamolo, amene ambirife timangomutchula kuti panado, ndipo `LA` ndi mankhwala a malungo aja odziwika m'zipatala zonse za m'Malawi. Pa mayina achidule sindikulimbikitsa kuloweza, ndipo kuganizira n'koopsa, chifukwa zilembo zitatu zolembedwa mothamanga zikhoza kufanana ndi za mankhwala ena osiyana kotheratu. Njira yabwino ndi kupempha opereka mankhwala kuti akuonetseni kathumba kamene kakuyimira mzere uliwonse, ndi kuonetsetsa kuti dzina lonse lalembedwa pakathumbapo.

Mlingo ndi pamene anthu ambiri amasokera, chifukwa kawirikawiri adokotala amalemba kulemera kwa mankhwala, osati chiwerengero cha mibulu. `mg` ndi mamiligalamu, `g` ndi magalamu, ndipo galamu imodzi ndi mamiligalamu 1000. Choncho `PCM 1 g` sakutanthauza mbulu umodzi. Panado wa akuluakulu amakhala wa mamiligalamu 500 pa mbulu, ndiye kuti galamu imodzi ndi mibulu iwiri. Amokisilini amabwera m'makapisozi a mamiligalamu 250 komanso a 500, ndipo poyang'ana ndi maso okha simungadziwe kuti mwapatsidwa ati, popeza mitundu ya makapisozi imasiyana malinga ndi kampani yopanga. Ngati mwapatsidwa a 250, mlingo wa 500 ndi makapisozi awiri ulendo uliwonse; ngati ndi a 500, ndi kapisozi mmodzi. Munthu amene mwezi watha anamwa awiriawiri, lero akapatsidwa a 500 n'kupitiriza chizolowezi chakecho, akumwa mlingo wowirikiza kawiri popanda wina womuuza kutero. N'chifukwa chake nambala yolembedwa papaketi kapena pakathumba iyenera kuwerengedwa ulendo uliwonse mukalandira mankhwala, ngakhale akhale mankhwala amene mwawazolowera kwa zaka.

Njira yolowera m'thupi ili ndi zizindikiro zochepa. Za jakisoni, monga `im` wobaya pamnofu, `iv` wa mumtsempha ndi `sc` wa pansi pa khungu, kawirikawiri zimachitidwa ndi anamwino, kotero kwa inu zimangokuuzani kuti pali jakisoni woti mubayitse musanapite kapena woti mubwerere. Ziwiri zimene zimafunika kusamala kunyumba ndi `pv`, mankhwala oika kumaliseche kwa amayi, ndi `pr`, oika kotulukira chimbudzi. Mankhwala oika kumaliseche, monga aja othandiza mauka oyabwa, amaoneka ngati mbulu waukulu woyera, ndipo munthu amene sanauzidwe bwino akhoza kuumeza. Pawindo pamene pali mzere wa anthu omvetsera, opereka mankhwala amatsitsa mawu ndipo wodwala amachita manyazi kufunsanso, choncho kudziwa zilembo ziwirizi kumateteza kwambiri. Chizindikiro `sl` chimatanthauza kuika pansi pa lilime mpaka asungunuke, osati kumeza.

Tsopano tifike pa gawo limene lili pakati pa nkhani yonse, la kangati pa tsiku. Zilembo zake zinachokera ku Chilatini, chilankhulo chimene madokotala a ku Ulaya ankalembera mankhwala kalekale, ndipo n'chifukwa chake ngakhale wodziwa Chingerezi bwino sangazimasulire pongoziyang'ana. Zofunika kwambiri ndi zinayi. `od` ndi kamodzi pa tsiku, `bd` ndi kawiri, `tds` ndi katatu, ndipo `qid` ndi kanayi. Madokotala ena, malinga ndi kumene anaphunzira, amalemba `bid` m'malo mwa `bd`, `tid` m'malo mwa `tds`, ndi `qds` m'malo mwa `qid`, koma tanthauzo silisintha: chilembo b chikuyimira kawiri, t katatu, ndipo q wokhala ndi `id` kapena `ds` ndi kanayi.

Mawu oti katatu pa tsiku amanyenga, chifukwa m'maganizo athu tsiku limathera pa chakudya chamadzulo. Anthu ambiri amamwa pa phala la m'mawa, pa nsima ya masana ndi pa nsima ya madzulo, kutanthauza cha m'ma 7 koloko, 12 koloko ndi 6 koloko. Mukawerenga bwino, maulendo atatuwo athera m'maola 11, ndipo thupi likhala maola 13 osalandira kanthu. Kwa mankhwala opha tizilombo monga amokisilini, amene mphamvu yake m'magazi imatsika pakangopita maola ochepa, mpata wautali chotero umapatsa tizilombo nthawi yopuma. Tsiku la mankhwala ndi maola 24, ndipo muligawe mofanana mmene mungathere. `tds` ikhale pafupifupi maola 8 aliwonse, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. `bd` ikhale maola 12 aliwonse, monga 7 koloko m'mawa ndi 7 koloko madzulo. `qid` ndi pafupifupi maola 6 aliwonse, ndipo popeza kudzuka pakati pa usiku n'kovuta, funsani ngati mankhwala anuwo amalola kuti maulendo anayiwo muwagawe kuyambira podzuka mpaka pogona. Adokotala akafuna kuti maola asungidwe ndendende amalemba maolawo mwachindunji, monga `8 hrly` kapena `q8h`, ndipo pamenepo palibe kusuntha.

Pali mankhwala ena amene nthawi yake imamangiriridwa pa chakudya osati pa wotchi, ndipo zizindikiro zake ndi `ac`, musanadye, ndi `pc`, mutadya. `mane` ndi m'mawa, ndipo `nocte` ndi usiku pogona, monga zimakhalira ndi mankhwala ogonetsa tulo. `stat` amatanthauza mlingo umodzi wa pompopompo. Mukaona mzere wokhala ndi `stat` kenako mlingo wina wocheperapo, dziwani kuti waukuluwo ndi wa ulendo woyamba wokha, ndipo kuubwereza tsiku lililonse ndi kulakwitsa.

Mzere wachiwiri wa chitsanzo chathu uli ndi `prn`, kutanthauza pokhapokha pakufunika. Apa `tds` wasintha ntchito: sakukulamulani kumwa katatu, koma akuika malire. Ngati mutu wasiya kupweteka ndipo thupi lazizira, simumwa. Ngati ululu ulipo, mumwa mibulu iwiri, koma osapitirira maulendo atatu pa maola 24. Kwa munthu wamkulu panado sayenera kupitirira magalamu 4 pa maola 24, amene ndi mibulu 8 ya mamiligalamu 500, ndipo pakati pa maulendo payenera kupita maola osachepera 4. Kupyola pamenepa kumawononga chiwindi, ndipo choopsa n'chakuti tsiku loyamba munthu akhoza kusamva chilichonse chachilendo. Kumbukiraninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ogulitsidwa m'magolosale ali ndi parasetamolo mkati, choncho nawonso amalowa m'chiwerengerocho. Mzere wa amokisilini ulibe `prn`, ndipo kusiyana kumeneku ndi kwakukulu: panado mukhoza kumusiya mukapeza bwino, koma amokisilini mumamwa masiku onse amene alembedwa.

Gawo lomaliza la mzere limaoneka ngati deti koma si deti. Nambala ya pansi ikukuuzani chimene chikuwerengedwa: 7 ndi masiku, popeza sabata ili ndi masiku 7, 52 ndi masabata, popeza chaka chili ndi masabata 52, 12 ndi miyezi. Nambala ya pamwamba ndi kuchuluka kwake. Motero `5/7` ndi masiku asanu, `10/7` ndi masiku khumi ngakhale apyola sabata, `2/52` ndi masabata awiri, ndipo `1/12` ndi mwezi umodzi. Mayi anga aang'ono anasunga buku lawo mosamala atawerenga `R/V 2/52`, akuganiza kuti ndi nambala ya chipinda, pamene adokotala ankatanthauza kuti abwerenso kudzaonedwa pakatha masabata awiri. Anabwerera patatha miyezi iwiri, miyendo itatupa kale. Pa matenda okhalitsa monga kuthamanga kwa magazi, shuga ndi khunyu, `1/12` kapena `3/12` sakutanthauza kuti mwezi ukatha mwachira. Akungonena kuchuluka kwa mankhwala amene mwapatsidwa, ndipo muyenera kubwerera kukatenga ena akale asanathe.

Mukamasulira zigawo zisanuzi, chitani chinthu chimene ndimachiona kuti n'chothandiza kuposa kuloweza zilembo zonse: werengani mibulu muli pomwepo pawindo. Masamu ake ndi awa:

```
mibulu ya ulendo umodzi x maulendo pa tsiku x masiku
2 x 3 x 5 = 30
```

Wodwala wa m'chitsanzo chathu, ngati wapatsidwa makapisozi a mamiligalamu 250, ayenera kupeza makapisozi 30 m'kathumba. Ngati ndi a 500, ayenera kupeza 15. Panado ndi mibulu iwiri katatu kwa masiku atatu, yonse 18. Nambala ikagwirizana, mwamvana ndi opereka mankhwala pa tanthauzo la mzerewo. Ikapanda kugwirizana, pali chifukwa, ndipo chifukwacho chiyenera kudziwika. Tiyerekeze kuti mwapeza makapisozi 15 koma papaketi palembedwa 250. Mwina opereka mankhwala aganiza kuti akupereka a 500, mwina mankhwala achepa ndipo akupatsani theka kuti ena mukagule, mwinanso inuyo mwawerenga molakwa. Funso lake ndi laulemu ndipo silitenga mphindi: "Pepani achimwene, m'bukumu ndikuona 500 katatu pa tsiku kwa masiku asanu, koma makapisoziwa ndi a 250 ndipo alipo 15. Kodi ndizimwa angati ulendo umodzi?" Wogwira ntchito wabwino sakwiya ndi funso lotere, chifukwa likumusonyeza msanga pamene pali vuto.

Masamu omwewa amathandiza pamene zolemba za adokotala zili zokhotakhota. `od` ndi `bd` zolembedwa mothamanga zimafanana kwambiri, chifukwa kamzere ka b kakafupika kamaoneka ngati o. Pa mankhwala a mwezi umodzi a mbulu umodzi ulendo uliwonse, `od` amapereka mibulu pafupifupi 30 ndipo `bd` amapereka 60. Koma njira imeneyi ili ndi malire amene muyenera kuwadziwa. Chiwerengero cha mibulu chimachokera pa mmene opereka mankhwala awerengera mzerewo, kotero ngati iwonso asokonezeka ndi zolembazo, mibulu idzagwirizana ndi kulakwitsa kwawo. Umboni wachitatu, kuwonjezera pa buku ndi mibulu, ndi zimene adokotala ananena ndi pakamwa m'chipinda muja. Ngati iwo anati kamodzi pa tsiku koma pakathumba palembedwa kawiri, bwererani kwa amene analemba, ngakhale zitanthauze kudikiranso pakhomo. Chimodzimodzi ndi `qd`, chimene madokotala ena amalemba potanthauza kamodzi pa tsiku, koma chimasiyana ndi `qid` ndi kachilembo kamodzi kokha. Apa kusokoneza kumatanthauza kumwa kanayi mankhwala a kamodzi, ndipo n'chifukwa chake zipatala zambiri zimaletsa kulemba `qd`.

Pakathumba ka mankhwala kawirikawiri sipalembedwa Chilatini koma manambala monga `2 x 3`, kapena manambala oikidwa pansi pa zithunzi za dzuwa lotuluka, dzuwa la pamutu, dzuwa lolowa ndi mwezi. Nthawi zambiri `2 x 3` amatanthauza mibulu iwiri katatu pa tsiku, koma popeza akhozanso kuwerengedwa ngati mibulu itatu kawiri, ndipo masamu a mibulu yonse amatuluka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, apa ndi pamene buku limakupulumutsani. Mukaona `tds` m'buku, mwadziwa kuti 3 ndi maulendo.

Mankhwala amadzi a ana amafuna sitepe imodzi yowonjezera. Adokotala akhoza kulemba motere:

```
Amoxicillin susp 250 mg tds 5/7
```

`susp` kapena `syr` akusonyeza mankhwala amadzi. Pabotolo pamalembedwa mphamvu yake, mwachitsanzo `125 mg/5 ml`, kutanthauza kuti m'mamililita 5 aliwonse muli mamiligalamu 125. Mwana wofunika 250 ayenera kulandira mamililita 10 ulendo uliwonse. Koma palinso mabotolo a `250 mg/5 ml`, ndipo pa amenewa mlingo womwewo ndi mamililita 5 okha. Masamu a kuchuluka amagwiranso ntchito: mamililita 10 katatu kwa masiku asanu ndi mamililita 150, choncho botolo limodzi la mamililita 100 lidzatha pa tsiku lachinayi, ndipo mayi amene waona izi ali pawindo adzafunsa za botolo lachiwiri nthawi isanathe. Poyeza gwiritsani ntchito sirinji yopanda singano kapena kakapu koyezera kamene kamabwera ndi botolo, chifukwa masipuni a kukhitchini ndi osiyanasiyana kukula. Mlingo wa mwana umawerengedwa potengera kulemera kwake, ndiye mzere umene unalembedwera mkulu wake chaka chatha sungagwire ntchito pa mng'ono wake lero.

Samalaninso ndi kadontho ka pakati pa manambala. `0.5` ndi theka, koma akalembedwa `.5` kadontho n'kusaoneka, amasanduka 5, kuwirikiza kakhumi. `mcg` si `mg`: mamaikulogalamu 1000 ndiwo amapanga miligalamu imodzi. Odwala shuga amene amadzibaya insulini aonetsetse kuti nambala ya mayunitsi yanenedwa ndi pakamwa ndi kulembedwa momveka, chifukwa `10U` wolembedwa ndi dzanja akhoza kuwerengeka ngati 100.

Pali mzere umodzi wodziwika kwambiri m'Malawi umene chizindikiro chake sichinena zonse. Munthu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposerapo akapezeka ndi malungo amalemberedwa `LA 4 tabs bd 3/7`, ndipo masamu ake ndi 4 x 2 x 3, mibulu 24, imene ndi paketi yonse ya akuluakulu. Ngakhale palembedwa `bd`, tsiku loyamba silitsata maola 12: mlingo wachiwiri umamwedwa patatha maola 8 kuchokera pa woyamba, kenako masiku awiri otsatira ndi m'mawa ndi madzulo. Mankhwalawa amalowanso bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta, monga mkaka kapena phala lotsira nsinjiro. Zonsezi sizipezeka m'zilembo ziwiri za `bd`, ndipo zikusonyeza kuti kumasulira mzere kumakuthandizani kutsimikiza ndi kukumbukira malangizo a pawindo, osati kulowa m'malo mwake.

Nthawi zina pambali pa mzere mudzaona `O/S`, kutanthauza kuti mankhwalawo atha m'chipatalamo ndipo muyenera kukagula kwina. Pitani ndi buku lenilenilo kufamase yovomerezeka m'malo motchula dzina la mankhwala pamtima, kuti wogulitsa aone mlingo ndi masiku. Akakupatsani mankhwala a dzina lina la malonda, yang'anani dzina la mankhwala enieni limene limalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono papaketi, liyerekezeni ndi la m'buku, onani mamiligalamu a mbulu umodzi, ndipo muchitenso masamu aja musanalipire. Ndalama zikakhala zosakwanira mlingo wonse wa mankhwala opha tizilombo, nenani poyera kuti akuuzeni tsiku limene ogulidwawo adzathe, kuti otsalawo mudzawagule tsikulo lisanafike.

Mukafika kunyumba, lembani m'Chichewa papepala kapena pakathumba pomwepo dzina la mankhwala, mibulu ya ulendo umodzi, maola enieni amene mwasankha ndi tsiku lomaliza. Wodwala wa m'chitsanzo chathu, atapatsidwa makapisozi a 250 n'kuyamba Lolemba 2 koloko masana, alemba kuti makapisozi awiri pa 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku, ndipo ulendo wake wa 15, umene ndi womaliza, ukhala Loweruka 6 koloko m'mawa, osati Lachisanu usiku. Ngati Loweruka masana m'kathumba mwatsala makapisozi anayi, ndiye kuti maulendo awiri anadumphidwa. Musawamwe onse pamodzi pofuna kubweza, koma pitirizani awiriawiri pa maola aja mpaka athe, ndipo mukadzapita kukaonedwanso mukawauze adokotala kuti zinatero.